Batani la WPS pa rauta: kulumikiza chipangizo chosatha kulemba pasiwedi, ndi ngozi zake

Maofesi ena a magulu a alimi, magolosale, masukulu ndi nyumba zina ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi madera ena a m'malire tsopano ali ndi rauta, kabokosi komwe mumaikamo khadi ya foni kenako nkumagawa intaneti kudzera pa wayifayi. Foni kapena laputopu sizivuta kuzilumikiza: mumasankha dzina la netiweki, nkulemba pasiwedi, basi. Vuto limabwera ndi zipangizo zopanda polembera, monga pulinta yaing'ono, kamera yolondera nkhokwe, kapena kachipangizo kofikitsa wayifayi patali. Zoterezi zimalumikizidwa ndi batani lolembedwa kuti WPS.

Batanili limathandiza, koma lili ndi zofooka zomwe zingachititse kuti anthu akunja azidya mamega anu kapena kulowa mu netiweki yanu. Mfundo yaikulu ndi iyi: yatsani WPS pokhapo pamene mukulumikiza chipangizo, mukamaliza muizimitse. Nkhaniyi ikufotokoza mmene batanili limagwirira ntchito, njira yolumikizira pulinta, zomwe zimalepheretsa, ndi chifukwa chake WPS siyenera kukhala choyaka.

WPS ndi chiyani

WPS ndi chidule cha dzina lomwe limalembedwa m'mabuku a marauta kuti Wi-Fi Protected Setup. Njirayi inakonzedwa ndi bungwe la Wi-Fi Alliance, lomwe limaika malamulo a zipangizo za wayifayi, ndipo inayamba kupezeka m'zipangizo cha m'ma 2007. Cholinga chake chinali kuthandiza anthu omwe ankasiya netiweki yawo yosakiya chifukwa chotopa ndi kulemba pasiwedi yaitali.

Pali njira 2 zodziwika zogwiritsira ntchito WPS. Yoyamba ndi ya batani: mumadina pa rauta, nkudinanso pa chipangizo, ziwirizo nkupezana zokha. Pa sikirini njirayi imalembedwa kuti Push Button kapena PBC. Yachiwiri ndi ya nambala yokhala ndi manambala 8, yotchedwa PIN, yomwe kawirikawiri imasindikizidwa pa kapepala komatidwa kunsi kapena kumbuyo kwa rauta. Njira ziwirizi zimakhala pansi pa dzina limodzi, ndipo pa marauta ambiri mukayatsa ina ndiye kuti mwayatsa zonse.

Chofunika kuchimvetsa msanga ndi chakuti WPS sichotsa pasiwedi, komanso sipereka chilolezo cha kanthawi chabe. Chomwe imachita ndi kutenga dzina la netiweki ndi kiyi wake weniweni nkuzipereka kwa chipangizo chatsopanocho. Chipangizocho chimasunga zimenezi, ndipo mawa kapena mwezi wamawa chimalumikiza chokha popanda kudina chilichonse. Zili ngati kumupatsa mlendo kiyi wa nyumba, osati kungomutsekulira chitseko tsiku limodzi.

Kulipeza batanilo

Pa marauta ambiri batanili lili kumbuyo kapena m'mbali. Limalembedwa kuti WPS, kapena limakhala ndi chizindikiro cha mivi iwiri yopindika yothamangitsana. Pa timarauta tating'ono ta m'thumba toyendera batire, ena ali ndi batani lakelake m'mbali, ena WPS yawo imapezeka mu menyu ya pa kasikirini, ndipo ena alibiretu.

Musanadine, werengani zolembedwa pafupi ndi batanilo. Pali marauta omwe batani limodzi limagwira ntchito ziwiri, ndipo limalembedwa kuti WPS/Reset. Kudina pang'ono kumayambitsa WPS, koma kuligwira nthawi yaitali, pafupifupi masekondi 10, kumafufuta zonse zomwe munaika mu rautayo nkuibwezera mmene inachokera kufakitale. Zikatero dzina la netiweki ndi pasiwedi zimabwerera ku zakale za pa kapepala, ndipo mafoni onse a m'nyumba amaduka. Pa marauta ena batani lomwelo limazimitsanso wayifayi. Ngati kabuku ka rautayo kalipo, onanimo kuti batanilo limafuna kuligwira masekondi angati. Ngati kalibe, yambani ndi kudina kwa sekondi imodzi kapena ziwiri nkuyang'ana nyali.

Chitsanzo: pulinta ya mu ofesi ya gulu la alimi

Tiyerekeze ofesi ya gulu la alimi a mbatatesi ndi soya. Ili ndi rauta yoyendera magetsi a sola, laputopu ya mlembi, mafoni 3 a akomiti, ndiponso pulinta yatsopano yosindikizira malisiti a ogula ndi mndandanda wa olandira mbewu. Pulintayo ilibe sikirini. Ili ndi mabatani ochepa ndi nyali yaing'ono ya wayifayi. Mlembi akufuna kuti aliyense wa komiti azitha kusindikiza kuchokera pa foni yake.

Choyamba, abweretse pulintayo pafupi ndi rauta, m'chipinda chimodzi, mamita 2 kapena 3. Akamaliza kulumikiza angathe kuibwezera pamalo pake. Makoma a njerwa ndi malata amafooketsa wayifayi, ndipo kukambirana koyamba kwa zipangizozi kumaduka msanga ngati netiweki ikufika mofooka. Aonetsetsenso kuti batire ya sola ili ndi moto wokwanira, kuti magetsi asathime zinthu zili pakati.

Chachiwiri, ayatse rauta nkudikira mpaka nyali zake zitakhazikika, zomwe zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Kenako ayatse pulinta.

Chachitatu, aike pulinta pa WPS. Pa mapulinta opanda sikirini, kawirikawiri amagwira batani la wayifayi kwa masekondi angapo mpaka nyali yake itayamba kuphethira. Pa mapulinta okhala ndi kasikirini, amalowa mu menyu ya netiweki, nkusankha WPS, kenako Push Button.

Chachinayi, adine batani la WPS pa rauta mphindi 2 zisanathe. Nyali ya WPS kapena ya wayifayi pa rautayo idzayamba kuphethira, kusonyeza kuti khomo latseguka. Nthawi imeneyi ndi masekondi 120, ndipo ikatha khomolo limadzitseka lokha. Zilibe kanthu kuti wayamba kudina pa rauta kapena pa pulinta, bola zonse zichitike mkati mwa mphindi ziwirizo.

Chachisanu, adikire osadinanso. Nthawi zambiri sipadutsa mphindi imodzi, nyali ya pa pulinta imasiya kuphethira nkuyaka mokhazikika. Ichi ndi chizindikiro chakuti pulinta yalandira kiyi ndipo yalowa mu netiweki. Ngati nyaliyo yazima kapena yayamba kuphethira mwa mtundu wina, kulumikiza kwalephera.

Chachisanu ndi chimodzi, atsimikize. Asindikize tsamba limodzi kuchokera pa laputopu kapena pa foni yomwe ili pa netiweki yomweyo. Kenako atsegule tsamba la rauta nkuwerenga zipangizo zomwe zalumikizidwa. Mu ofesi yathuyi ziyenera kukhala 5: laputopu, mafoni 3 ndi pulinta. Zikapezeka 6, pali wina amene walowa, mwina pa nthawi yomwe khomo linali lotseguka.

Chomaliza, azimitse WPS pa tsamba la rauta. Pulinta siduka chifukwa cha zimenezi, poti kiyi inalandira kale. Njira yozimitsira yafotokozedwa kutsogoloku.

Zikakanika, yang'anani izi

Chifukwa chofala kwambiri ndi kutha kwa nthawi. Munthu amadina pa rauta, nkupita kukafufuza menyu ya pulinta, pofika podina mphindi 2 zatha. Konzani pulinta kaye kuti pangotsala kudina kamodzi, kenako mupite ku rauta.

Chachiwiri ndi chakuti WPS inazimitsidwa mkati mwa rauta. Pamenepa mungadine batani kangati konse, nyali siphethira. Muyenera kuiyatsa kaye pa tsamba la rauta.

Chachitatu ndi mtundu wa wayifayi. Marauta ambiri atsopano amaulutsa netiweki ziwiri, ina yolembedwa 2.4 GHz, ina 5 GHz. Mapulinta ndi makamera ambiri otsika mtengo amamva 2.4 GHz yokha. Ngati netiweki imeneyi inazimitsidwa, pulinta siiona rautayo ngakhale itakhala pambali pake. Dziwani kuti 5 GHz ya wayifayi ndi yosiyana ndi 5G ya makampani a mafoni, ngakhale marauta ena amalemba 5G kumapeto kwa dzina la netiweki.

Chachinayi ndi mtundu wa loko wa netiweki. WPS imayenda ndi loko wotchedwa WPA2. Siyenda ngati rauta yaikidwa pa WPA3 yokha, yomwe ndi yatsopano, ndipo marauta ambiri amaikananso ngati netiweki ili pa WEP, loko wakale yemwe sayeneranso kugwiritsidwa ntchito. Imakananso ngati munabisa dzina la netiweki kuti lisamaoneke pa mafoni a anthu.

Chachisanu ndi kugundana. Malamulo a WPS amati ngati rauta yamva zipangizo ziwiri zikupempha kulowa pa nthawi imodzi, ikane zonse. Chimodzimodzi pulinta ikamva marauta awiri ali pa WPS nthawi imodzi, imaima. Izi zingachitike pa msika kapena pa tauni ngati Ulongué kapena Zóbuè, pomwe masitolo ali moyandikana. Dikirani mphindi zingapo muyesenso. Koma ngati kugundanaku kukuchitika nthawi iliyonse yomwe mwadina, muli malo opanda marauta ena, khalani tcheru: pangakhale chipangizo cha munthu wina chomwe chikudikira khomo lanu.

Musataye nthawi kufufuza WPS pa foni yatsopano. Mafoni a iPhone sanakhalepo nayo, ndipo Android inayamba kuisiya kuyambira pa Android 9, yomwe inatuluka mu 2018. Mafoni akale okha ndi omwe angakhale nayo. Makompyuta a Windows amatha kulumikiza ndi batanili, ndipo zimenezi zili ndi mbali pa chofooka choyamba.

Chofooka choyamba: batani silifunsa kuti ndinu ndani

Pa mphindi 2 zomwe khomo lili lotseguka, rauta imalandira chipangizo choyamba chomwe chapempha. Ilibe njira yodziwira kuti ndi pulinta yanu kapena ndi laputopu ya munthu amene wakhala pakhonde. Ngati munthuyo anaika chipangizo chake pa WPS inu musanakonze pulinta, kiyi amalandira ndi iye. Inu mumangoona kuti pulinta yakana, nkuyesanso, ulendo wachiwiri nkutheka, osadziwa kuti ulendo woyamba wina walowa. Nchifukwa chake kuwerenga zipangizo mukamaliza nkofunika.

Ngozi yaikulu kumudzi ndi yapafupi kuposa imeneyi. Aliyense amene angafikitse chala pa rauta angalowe popanda kufunsa pasiwedi. Mu ofesi ya gulu mumalowa anthu ambiri tsiku logula mbewu. Rauta ikakhala pa tebulo kapena pa zenera, munthu wokhala ndi foni yakale kapena laputopu amangofunika masekondi ochepa mlembi atatuluka. Kunyumba zingachitike ndi mwana amene makolo anamumana pasiwedi, kapena mnzake wobwera kudzacheza.

Zikatero nkhani sithera pa munthu mmodziyo. Popeza chomwe walandira ndi kiyi weniweni, pa marauta ambiri angathe kuiwerenga pasiwediyo pa kompyuta yake, chifukwa Windows imaonetsa mapasiwedi omwe yasunga. Akaiwerenga angauze anzake, ndipo sabata isanathe achinyamata a pamsika onse ali nayo. Eni ake amadabwa chifukwa palibe wa komiti amene anaulula.

Chofooka chachiwiri: PIN yomwe imaoneka yaitali koma ndi yaifupi

Chofooka ichi ndi chachikulu chifukwa sichifuna kuti munthu akhudze rauta. Pa marauta ambiri, makamaka akale, njira ya PIN imakhala yotseguka usana ndi usiku malinga ngati WPS ili choyaka, ngakhale palibe wadina batani. Aliyense amene wayifayi ikumufika angayese manambala, ndipo akapeza nambala yolondola rauta imamupatsa pasiwedi.

Poyang'ana koyamba, nambala ya manambala 8 imaoneka yovuta kuilota, poti ingalembedwe m'njira 100,000,000. Koma mu Disembala 2011 katswiri wina wa ku Austria, Stefan Viehböck, anaonetsa poyera kuti kapangidwe ka WPS kali ndi vuto. Tione ndi nambala iyi, yomwe marauta ena anatuluka nayo kufakitale:

```
1234 567 0
```

Nambala yomaliza, 0, si yachinsinsi. Imapezeka powerengetsera manambala 7 oyambawo, ndipo ntchito yake ndi kungogwira munthu akalakwitsa polemba. Choncho otsala oti munthu alote ndi 7 okha.

Vuto lenileni ndi lakuti rauta siyesa manambala 7 amenewa pamodzi. Imayamba yaona 4 oyamba, ndipo mayankhidwe ake amaulula ngati ali olondola kapena ayi. Kenako imaona 3 otsalawo paokha. Zili ngati chitseko chokhala ndi maloko awiri ang'onoang'ono m'malo mwa loko mmodzi wamkulu, ndipo loko aliyense amatseguka payekha. Manambala 4 angalembedwe m'njira 10,000 zokha, ndipo manambala 3 m'njira 1,000. Zonse pamodzi ndi 11,000.

Tiwerengetsere nthawi. Tiyerekeze kuti kuyesa kamodzi kumatenga masekondi 2. Rauta ikanakhala kuti imayesa manambala 7 pamodzi, pakanafunika kuyesa mpaka ka 10,000,000, zomwe ndi masiku oposa 230 osapuma. Koma kuyesa ka 11,000 ndi masekondi 22,000, kutanthauza maola 6 ndi mphindi zochepa. Ndipo nthawi zambiri nambalayo imapezeka munthu asanafike kumapeto. Ntchitoyi sachita ndi manja: pali mapulogalamu aulere a pa kompyuta omwe amayesa okha usiku wonse, ndipo akadukizidwa amapitirira pomwe analekezera.

Opanga marauta anayesa kukonza vutoli poika chotsekera: PIN ikalakwitsidwa kangapo, rauta imakana kwa kanthawi. Izi zimathandiza, koma zimadalira kutalika kwa nthawiyo. Rauta yomwe imatseka kwa mphindi imodzi pambuyo pa kulakwitsa katatu imangochedwetsa ntchitoyo kuchoka pa maola 6 kufika pa masiku osakwana 3. Marauta abwino amatsekeratu PIN mpaka mwiniwake atazimitsa nkuyatsanso. Koma apa pali mfundo kwa ogwiritsa ntchito sola ndi okhala kumene magetsi amathimathima: pa marauta otere, kuzima kulikonse kumatsekulanso PIN ija.

Mu 2014 katswiri wina, Dominique Bongard, anaonetsa njira ina yachangu, yomwe imadziwika ndi dzina lakuti Pixie Dust. Pokambirana za PIN, rauta imabisa nambalayo pogwiritsa ntchito manambala ena omwe amayenera kukhala osaloteka. Marauta ena amapanga manambalawo mosasamala, moti munthu akangolankhula ndi rauta kamodzi, kompyuta yake imatha kuwerengetsera PIN payokha pa masekondi kapena mphindi zochepa. Pamenepa chotsekera chija sichithandiza, chifukwa palibe kulakwitsa kobwerezabwereza. Si marauta onse omwe ali ndi vutoli, koma mwini rauta sangadziwe poiyang'ana kunja.

Palinso marauta omwe PIN yawo ndi yofanana pa mtundu wonse, kapena imawerengetseredwa kuchokera pa nambala ya rauta yomwe imaulutsidwa poyera. Pali mapulogalamu a pa foni omwe amangoyesa manambala odziwikawa. Komanso musaiwale kapepala kaja kunsi kwa rauta: munthu akakajambula ndi foni, PIN ali nayo.

Chifukwa chake kusintha pasiwedi kokha sikukwanira

Anthu ambiri akaona kuti mamega akutha msanga amasintha pasiwedi. Ngati wolowayo anadutsa pa batani, zimenezi zimamuchotsa mpaka atapezanso mpata wodina. Koma ngati ali ndi PIN, kusintha pasiwedi sikumuletsa, chifukwa PIN sisintha pamodzi ndi pasiwedi. Amangoilembanso, rauta nkumupatsa pasiwedi yatsopanoyo nthawi yomweyo. Ngakhale pasiwedi ikhale ya zilembo 30, bola PIN ili yotseguka, kutalika kwakeko kulibe phindu.

Choncho chizindikiro chachikulu chakuti vuto ndi WPS ndi ichi: mwasintha pasiwedi, simunauze aliyense wachilendo, koma patangopita tsiku limodzi kapena awiri chipangizo chosadziwika chabwereranso pa mndandanda. Zizindikiro zina ndi mamega kutha usiku ofesi ili yotseka, intaneti kuchedwa pamene palibe amene akuigwiritsa ntchito, ndi nyali ya WPS kuphethira popanda wodina, ngakhale si marauta onse omwe amaonetsa zimenezi.

Chomwe chimatayika choyamba ndi ndalama. Bandulo yomwe gulu linagula kuti ikwane mwezi wonse imatha pakati pa mwezi, nthawi yomwe mlembi akufuna kutumiza mndandanda kapena kufunsa mitengo kwa ogula. Chachiwiri ndi chakuti wolowayo amakhala mu netiweki imodzi ndi laputopu ya gulu. Angasindikize pa pulinta, angaone kamera ngati ilibe pasiwedi yakeyake, ndipo angatsegule mafayilo ngati laputopuyo inaikidwa kuti izigawana. Ngati pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta idakali ya kufakitale, angathenso kusintha zonse nkukutsekerani kunja inu eni ake.

Kuzimitsa WPS

Lumikizani foni kapena laputopu ku rauta, kenako tsegulani pulogalamu yoyendera pa intaneti nkulemba adiresi ya rauta pamalo olembapo adiresi. Adiresiyi imalembedwa pa kapepala ka kunsi. Zofala ndi izi:

```
192.168.0.1
192.168.1.1
192.168.8.1
```

Tsambalo lidzapempha pasiwedi ya woyang'anira. Iyi ndi yosiyana ndi ya wayifayi. Ngati simunaisinthepo, ili pa kapepala komweko, ndipo pa marauta ambiri akale imangokhala admin. Isintheni tsiku lomwelo.

Mukalowa, fufuzani gawo lolembedwa Wi-Fi, WLAN kapena Wireless. WPS imakhala mmenemo, kapena pansi pa Advanced, lomwe pa marauta a menyu ya Chipwitikizi limalembedwa Avançado. Sankhani Disable kapena Off, m'Chipwitikizi Desativar, kenako musunge podina Save kapena Apply, m'Chipwitikizi Guardar kapena Aplicar. Wayifayi ingaduke kwa kanthawi kochepa nkubwereranso.

Marauta ena amalola kuzimitsa PIN yokha nkusiya batani, ndipo pamalopo pamalembedwa mawu onga AP PIN kapena Router PIN. Ngati rauta ili m'chipinda chokiyidwa, kuzimitsa PIN kokha kumachotsa ngozi yaikulu. Ngati ili pamalo ofika anthu, zimitsani zonse.

Mukatero yesani: dinani batani la WPS nkuyang'ana nyali. Isaphethire. Dziwani kuti panali marauta ena akale omwe ankapitiriza kuyankha PIN ngakhale menyu ikunena kuti WPS yazima. Mankhwala ake ndi kuika pulogalamu yatsopano ya rauta, yomwe pa tsamba imalembedwa Firmware Update kapena Atualização. Ngati rauta ndi yakale kwambiri moti ilibe pozimitsira WPS ndipo sakuitulutsiranso pulogalamu yatsopano, ndi bwino kuikonzera bajeti yogula ina.

Ngati mukukayika kuti wina analowa kale, tsatirani ndondomeko iyi osasintha dongosolo lake. Yambani ndi kusintha pasiwedi ya woyang'anira. Kenako zimitsani WPS, ndipo ngati pali posinthira PIN, pangani yatsopano. Mukatero sinthani pasiwedi ya wayifayi, ikhale ya zilembo ndi manambala osachepera 12, isakhale dzina la gulu, la mudzi kapena nambala ya foni. Lumikizaninso mafoni ndi laputopu polemba pasiwedi yatsopanoyo. Pulinta idzakhala itaduka, chifukwa ikusungabe kiyi wakale. Kuti ibwerere, sankhani nthawi yomwe pa ofesi palibe anthu, yatsani WPS, dinani monga tafotokozera, werengani zipangizo, nkuzimitsanso. Ntchito yonseyi sipitirira mphindi 10.

Powerenga zipangizo, dziwani kuti mafoni ena amaoneka pa mndandanda ndi manambala okhaokha, opanda dzina. Njira yosavuta yowazindikira ndi kuzimitsa wayifayi pa mafoni anu imodziimodzi nkumaona yomwe yachoka pa mndandanda. Chomwe chatsala zanu zonse zitazima ndi chachilendo.

Njira zina zolumikizira popanda WPS

Nthawi zambiri WPS sifunika nkomwe. Mapulinta ambiri angalumikizidwe kaye ku laputopu ndi chingwe cha USB, ndipo pulogalamu yake imakulolani kulemba pasiwedi pa laputopupo nkuitumiza ku pulinta, kenako chingwecho nkuchichotsa. Mapulinta ena ndi makamera ambiri ali ndi pulogalamu ya pa foni yomwe imachita chimodzimodzi. Ngati pulinta ndi rauta zonse zili ndi doko la chingwe cha netiweki ndipo zimakhala pafupi, chingwecho ndiye njira yodalirika kuposa zonse, poti sichifuna pasiwedi ndipo sichiduka mukaisintha.

Kwa alendo omwe mukufuna kuwagawira intaneti, musawadinire batani. Marauta ambiri ali ndi netiweki ya alendo, yolembedwa Guest kapena Convidados, yokhala ndi pasiwedi yakeyake, yomwe mungaizimitse msonkhano ukatha popanda kusokoneza pulinta ndi mafoni a komiti.

Pomaliza, malo oika rauta ali ndi mbali yaikulu. Ikhale pamwamba, pomwe dzanja la munthu wodutsa silifika, kutali ndi zenera loyang'ana kumsewu ngati netiweki ya foni ikulola, ndipo kapepala ka kunsi kasamaonekere. Kuzimitsa rauta ofesi ikatsekedwa kumasunga batire ya sola komanso kumachepetsa maola omwe munthu angayese manambala, koma sikulowa m'malo mwa kuzimitsa WPS, poti woyesayo akhoza kubweranso mawa lake nkupitiriza pomwe anasiyira.